Mpanda wanga wang'aluka malo anayi, ndipo olakwa si maziko

Loweruka lapitali ndinamaliza kudula jointi yachitatu pa mpanda wa kumbuyo, ndiye kuti mpata wodula dala kuti khoma lizitha kufupika ndi kutalika osang'aluka. Mapewa akuwawabe, ndipo fumbi la simenti likadali m'makutu ngakhale ndasamba kangapo. Ndati ndilembe zisanandichoke m'mutu, chifukwa ena a inu munandiona ndikudzitama ndi zithunzi za mpandawu mwezi wa Malichi.

Kwa amene simunatsatire, mpandawu ndi wa mamita 30, wotalika mamita 1.8, pa kapuloti kathu kuno kummwera kwa Joni. Ndinagwiritsa njerwa za simenti zija amati makisi, za mamilimita 290 ndi 140 ndi 90, khoma lonenepa njerwa imodzi, zipilala pa mamita 3 alionse, waya wolimbitsa khoma uja wa bulikifosi pa mizere itatu iliyonse, kenako pulasitala mbali zonse. Ndinamanga ndekha Loweruka ndi Lamlungu lililonse, mlamu wanga akundipondera matope. Tinayamba mu Januwale, tinamaliza mu Malichi, mvula ya masana ija ikutithamangitsa pafupifupi tsiku lililonse. Khoma linatuluka lowongoka ngati chingwe, lopanda podukiza kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya, ndipo chimenecho ndi chimene ndinkanyadira kwambiri. Ndicho chimene chandipweteka.

M'mawa wina mu Julayi, udzu uli mbuu ndi chisanu, mayi a kunyumba akuyanika zovala anandiitana. "Bambo a ana, tabwerani mudzaone ntchito yanu ija." Mng'alu unali utatsika kuchokera pamwamba, pambali penipeni pa chipilala chachitatu. Nditayenda ndi khoma lonse ndinapeza inanso itatu, yotalikirana mamita 6 kapena 7. Mtima unangoti phwii. Maganizo oyamba anali a maziko, chifukwa kuno nkhani ya dothi la makande lotupa ndi mvula, ndi mwala wa dolomaiti umene umabooka pansi cha ku Lenasia ndi kumadzulo, aliyense womanga amaiopa.

Ndinataya masabata awiri ndikufufuza maziko. Ndinakumba pansi pa ming'alu iwiri mpaka konkire inaoneka, ndipo inali yathunthu, yopanda ngakhale kamzere. Ndinayeza ndi levulo ya paipi ya madzi kuchokera ngodya ina kufika ina, osapeza kutsika kulikonse. Amene anandimasula ndi mkulu wina wa ku mpingo kwathu, amene wakhala pa ntchito ya zomangamanga kuno zaka zambiri. Anafika, anayendetsa chala pa mng'alu, nati, "Achimwene, bwezerani dothi lanulo. Khoma la maziko otitimira siling'aluka chonchi." Anandisonyeza kuti mng'alu wa kutitimira umakonda kuyenda mopendama ngati masitepe, kutsata matope, umakhala wotakasuka kwambiri mbali imodzi, ndipo kawirikawiri mbali ina ya khoma imatsika kapena kutuluka pang'ono. Yanga inali yoongoka, yodula njerwa pakati, yofanana kukula pafupifupi mtunda wonse, n'kukazimiririka mizere iwiri pamwamba pa maziko. Mizere ya njerwa mbali zonse ziwiri inali ikuyang'anizanabe bwinobwino. Khoma silinatsike, linangofupika.

Sindinakhulupirire msanga, choncho ndinalemba timizere tiwiri ta pensulo mbali iyi ndi iyo ya mng'alu, ndikumayeza 6 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana kwa sabata. M'mawa mng'alu unkalowa kandalama kachitsulo. Masana, dzuwa litawomba mbali ya kumpoto, unkatsekeka moonekeratu. Tsiku lililonse chimodzimodzi, osakula. Khoma linkapuma.

Masamu ake ndi osavuta. Konkire ndi njerwa za simenti zimatalika kapena kufupika pafupifupi mamilimita 0.01 pa mita iliyonse kutentha kukasintha ndi digiri imodzi. Pa khoma la mamita 30, kusintha kwa madigiri 30 ndi mamilimita 9. Ndipo kuno pa Joni, pamtunda wa mamita oposa 1,700, madigiri 30 si nkhani yovuta kuwapeza: usiku wa Julayi umafika pafupi ndi ziro, masana khoma loyang'ana kumpoto limafunda mpaka mphaka kukagonapo. Kuwonjezera apo, njerwa ya simenti imafota ikamauma, ndipo kufota kwa mamilimita 0.3 pa mita si kodabwitsa. Amenewo ndi mamilimita 9 ena. Zanga ndinazitenga zikadali zanthete, za masiku ochepa chiumbireni, ndinazisiya pamtetete zikuvumbwa, n'kuzimanga zili zonyowa. Dzinja litatha, mpweya wouma wa nyengo yozizira unayamwa madzi onse. Khoma linafuna kufupika, maziko ali pansi pa nthaka osasuntha akuligwira miyendo, ndipo njerwa zimapirira kupanikizidwa koma kukokedwa ayi. Linadzidulira lokha majointi amene ine ndinaliumira.

Apa ndi pamene ndinali nditasokoneza zinthu ziwiri. Ndinkaganiza kuti zipilala zikachuluka khoma siling'aluka. Chipilala ntchito yake ndi ina. Chimaletsa khoma lopyapyala kugwa ndi mphepo, ngati ija ya mu Ogasiti imene imanyamula fumbi la m'migodi, ndipo n'chifukwa chake mtunda wa pakati pa zipilala umadalira kutalika ndi kunenepa kwa khoma. Mukakweza khoma kapena kulipyapyalitsa, zipilala ziyandikane kapena zikule. Matebulo ake ali mu SANS 10400-K, buku la malamulo omangira makoma kuno ku South Africa, ndipo ndikupemphani muwaone nokha musanakopere mamita 3 angawa, chifukwa khoma lanu si langa. Koma pa kufota, chipilala sichithandiza kanthu. Chimakhala cholemera ndi cholimba kuposa khoma, ndiye chimaima nji pamene khoma likukokera uku ndi uko, ndipo pamene zonenepa zakumana ndi zopyapyala ndi pamene pamang'ambika. Ming'alu yanga itatu mwa inayi ili m'mbali mwa chipilala.

Matope nawo ndinawalakwitsa chifukwa cha changu. Ndinkaika mawilibala awiri a mchenga pa thumba limodzi la simenti, ndikuti likhale lolimba ngati la banki. Atatu akanakwana. Matope olimba kuposa njerwa salola kusuntha kulikonse, ndiye mng'alu umadula njerwa yeniyeniyo. Zimandikumbutsa mpanda umene tinamanga ndi malume ku Dedza, wa njerwa zootcha ndi matope a dothi, wautali kuposa uwu, wopanda jointi ngakhale imodzi. Uja unkatha ndi mvula, inde, koma mng'alu woongoka sindinauonepo, chifukwa mzere uliwonse wa dothi unkalola pang'ono. Ndiponso njerwa yootcha khalidwe lake ndi losiyana: iyo imatupa pang'onopang'ono ikatuluka mu uvuni, kwa zaka. Khoma lalitali la njerwa zootcha limakankha ngodya ndi zipilala za geti, pamene la simenti limakoka. Jointi imafunika konse, koma pa zootcha mpata uyenera kukhala wofewa kuti utsekeke, osasiyamo matope ngakhale pang'ono.

Tsopano kudula. Ndinaganiza zoika jointi pa chipilala chachiwiri chilichonse, kutanthauza mamita 6, ndipo ziwiri zinagwera pa ming'alu yomwe ilipo kale, zimene zinandisangalatsa. Gilainda yanga ya disiki ya mamilimita 230 imalowa mamilimita pafupifupi 65 basi. Khoma ndi pulasitala yake ndi pafupifupi 170. Kudula mbali zonse ziwiri kumasiyabe mtima wa mamilimita 40 pakati, ndipo jointi imene siinaduke yonse ndi mzere wokongoletsa chabe. Mbali inayo ili m'bwalo la aneba, ndiye ndinayamba ndapepesa kaye, n'kulonjeza kutsuka galimoto yawo fumbi likatha. Jointi yoyamba inandidyera masiku awiri athunthu. Ndinadula mizere iwiri yotalikirana mamilimita 10, ndinagogoda za pakati, kenako ndinaboola mtima uja ndi dirilo yaitali, bowo pamwamba pa bowo, n'kumalizitsa ndi chizulo chopyapyala. Waya wa bulikifosi uyeneranso kuduka, chifukwa ukatsala umamangirira mbali ziwirizo monga kale. Ndinkadziwa kuti ndamaliza pamene mpeni wa sowo unkadutsa kuchokera pamwamba mpaka pa maziko osakodwa. Yachiwiri ndi yachitatu ndinachita kubwereka makina a disiki ya 350, ndipo iliyonse inatha m'mawa umodzi. Ndalama imene ndinkaumira poyamba ija ndinailipira ndi msana.

Vuto limene likutsatira kudula ndi ili: khoma limene mwalilekanitsa ndi chipilala latsala lopanda pogwira mbali imeneyo, ndipo mphepo ikhoza kuligwedeza. Mkulu uja anandiuza zoika zitsulo zotsetsereka. Pa mizere itatu iliyonse ndinakumba matope mopingasa jointi, ndinalowetsa kachitsulo ka mamilimita 8 kosachita dzimbiri, mbali ya chipilala ndinakamata zolimba, mbali ya khoma ndinakaveka kapaipi ka pulasitiki kotalikirapo pang'ono kuposa chitsulocho. Choncho khoma likhoza kufupika ndi kutalika, koma silingapite kutsogolo kapena kumbuyo. Mu mpata ndinaikamo thovu lofewa, kenako chingwe chathovu chija chozungulira, pamwamba pake silanti ya poliyulefeni, phala lotanuka lotsekera mipata. Musamate pulasitala pamwamba pa jointi, ing'aluka sabata yomweyo. Ngakhale chipewa cha pamwamba pa khoma ndinachidula pomwepo.

Zambiri mwa izi ndinazipeza ku kahadiweya kena kakang'ono ka cha ku Turffontein kamene ndimakonda. Si kotchipa kuposa masitolo akuluakulu, koma bambo a pa kauntala amayamba afunsa kuti mukumanga chiyani, ndipo anandibweza ndi silikoni ya ku bafa imene ndinanyamula, akuti penti siigwira pamenepo. Mchenga wawo womangira ulinso woyera bwino, wopanda dothi lambiri.

Yatsala jointi imodzi, ndi ming'alu iwiri yakale imene ndidzaimata kukatentha, ndikatsimikiza ndi pensulo yanga kuti yasiya kupuma. Mbali ya kumsewu, ya mamita 18, ndidzamanga mwina mu Okutobala, ndipo kumeneko pa jointi ndidzaika zipilala ziwiri zogundizana, mpata wa mamilimita 10 pakati, kuti chigawo chilichonse chiime pachokha popanda zitsulo. Pamene maziko akutsika sitepe chifukwa cha kutsetsereka kwa malo padzakhalanso jointi. Njerwa ndikagula mwezi uno kuti zikhale mwezi wathunthu pa mapaleti, zofunditsidwa pamwamba, mphepo ikudutsa m'mbali. Mlamu wanga akuti tikweze mbali imeneyo kufika mamita 2.1 ndi kuikapo geti yoyenda pa njanji ndi magetsi a dzuwa pa chipilala chilichonse. Ndamuuza kuti kupyola 1.8 ndi nkhani ya mapulani ku khonsolo, koma geti ija ndayamba kale kuijambula kuseri kwa thumba la simenti.