Sabata yachisanu: mtsikana wothamanga ndi mphepo ziwiri

Sabata yonseyi ndakhala pa chithunzi chimodzi: mtsikana wa tsitsi lalitali akuthamangira kumanja kwa pepala, atavala diresi yopepuka ndi mpango m'khosi. Kumbuyo kwake ndinaikako udzu wautali ndi timitengo tiwiri. Nditamaliza Lachiwiri mtima sunakhazikike, koma cholakwikacho sindinkachiona.

Lachitatu ndinayala pepala lopyapyala pamwamba pa chithunzicho n'kujambula kamuvi kofiira pa chilichonse chimene chikuuluka kapena kupendekeka. Tsitsi, muvi kumanzere. Diresi, kumanzere. Udzu ndi timitengo, kumanja. Mpango nawo kumanja, chifukwa ndinkafuna kudzaza malo amene anatsala patsogolo pa nkhope. Wa mpangowu unali wosavuta kuugwira. Umene unandigoneka mochedwa ndi wa udzu.

Poyamba ndinkaganiza kuti mivi yonse iyenera kuloza kumodzi basi. Sizili choncho munthu akamayenda. Udzu ndi mitengo zili pamalo amodzi, choncho zimamvera mphepo yeniyeni. Tsitsi ndi zovala za wothamanga zimamvera mphepo imene iyeyo akuimva pathupi, yomwe ndi mphepo yeniyeni itasakanikirana ndi liwiro lake. Munthu akathamanga kunja kuli bata, tsitsi limatsalira m'mbuyo udzu uli chilili, ndipo palibe cholakwika.

Ndiye ndinawerengera. Timitengo ta masamba kuti tiyambe kugwedezeka thunthu lonse, mphepo imakhala pafupifupi mamita 8 pa sekondi kapena kuposa. Mtsikana wanga sakuthamanga mwa mpikisano, tingoti mamita 3 pa sekondi. Mphepo ikuchokera kumbuyo kwake, ndiye tikachotsa 3 pa 8 patsala 5, ndipo asanuwo akumukankhabe kutsogolo. Kutanthauza kuti m'dziko limene ndinajambulalo tsitsi likanamuphimba kumaso, diresi n'kumamatira kumsana ndi kuseri kwa miyendo. Mpango umene ndinkauyesa wolakwa uja ndi umene unkagwirizana ndi mitengo!

Panali njira ziwiri: kuimika udzu ndi mitengo kuti kukhale bata, kapena kutembenuza mphepo kuti imuombe kumaso. Ndinasankha yachiwiri, chifukwa ndimafuna woona amve kuti mtsikanayu akulimbana nayo. Tsopano 8 ndi 3 zikuphatikizana kukhala 11, ndipo chilichonse chikuloza kumanzere, koma zovala zake zikukokedwa kwambiri kuposa udzu.

Kufufuta udzu sikunatenge nthawi. Diresi ndiyo inandidyera masiku awiri. Ndinamanga kansalu pa botolo, n'kuyatsa fani patsogolo pake kuti ndione. Mbali imene mphepo ikuomba, nsalu imamatira ndipo imaonetsa maonekedwe a chinthu chili mkati. Makwinya amakhala ochepa, olunjika, okokeka. Kufufuma konse kumachitikira kuseri. Pa chithunzi changa choyamba diresi inafufuma mbali zonse ngati ambulera, n'chifukwa chake inkaoneka ngati mtsikanayo akugwa kuchokera m'mwamba osati akuthamanga. Ndinaijambulanso kuti ntchafu ndi bondo la kutsogolo zionekere pansi pa nsalu, ndipo makwinya onse ndinawayambitsa pamene nsalu yagwira: pa lamba wa m'chiuno ndi pa bondo limene lakankha nsalulo. Kuchokera pamenepo akuthawira kumanzere, akutalikirana pamene akuyandikira m'mphepete.

China chimene fani inandionetsa n'chakuti kuloza kumodzi si kukwera mofanana. Mpango ndi wopepuka, ndiye ndauimika pafupifupi chopingasa, ukupindika ngati mafunde, mafundewo akukula chakumapeto. Tsitsi lalitali limalemera likakhala pamodzi, choncho mtolo waukulu ndautsitsako pang'ono, n'kusiya tizingwe tochepa tikuuluka pamwamba. Diresi ili pansi pa zonsezi. Kale ndikanazijambula zitatuzi pa mizere yofanana, ndipo zikanauma ngati zodulidwa pa katoni.

Pali malo amodzi amene ndalola dala kuti asamvere muvi. Kumbuyo kwenikweni kwa khosi ndi msana mpweya umazungulira, ndiye katsitsi kamodzi ndi kansonga ka mpango ndazipinditsa kubwerera. N'zochepa, ziwiri zokha, chifukwa ndikachulukitsa ndibwereranso ku chisokonezo cha Lachiwiri.

Chimene sichinatheke ndi manja a diresi. Mkono wakumanja ukupita kutsogolo, wakumanzere m'mbuyo, ndipo nsalu ya pa mkono wobwerera m'mbuyowo ikuyenda limodzi ndi mphepo, choncho siyenera kukokeka ngati inzake. Ndayesa katatu, ikuonekabe ngati yomata ndi guluu. Mawa ndivala malaya a manja otakasuka, ndiime pa fani, ndidzijambule kanema ndikugwedeza mikono, kenako ndiziimitsa kanemayo pang'onopang'ono n'kumakopera mkono wokhawo.