Phindu Langa Linali Mumphika wa Akulu Ampingo

Ine ndi alamu anga, Nambewe, tili ndi mabenchi oyandikana pamsika wa Nsungwi ku Area 25. Tonse timagulitsa usipa, timakaoda limodzi ku Senga Bay, ndipo timakangana tsiku lililonse kuti wodziwa geni ndani.

Ulendo umenewo aliyense anagula thumba pa K180,000. Kuphatikiza thiransipoti ndi onyamula, mpamba unakwana K200,000. Ine dzanja langa ndi louma poika milu, ndiye m'thumba langa munatuluka milu 280 ya K1,000. Ndinalemba m'kope: K280,000 kuchotsa K200,000, phindu K80,000. Ndinajambula mizere iwiri kunsi kwake ngati aphunzitsi a masamu.

Chimene sindinachiwerengere n'choti usipa wambiri unapita ndi mawu akuti "tionana mwezi ukatha". Mayi wa lesitilanti anatenga wa K100,000. Aphunzitsi atatu anagawana wa K60,000. Akulu ampingo anatenga wa K30,000 poti kwawo kunali alendo, ndipo munthu amene anadalitsa ukwati wako ungamukanize bwanji ndiwo? M'manja munalowa K90,000 yokha. Koma poti kope linkati ndine bwana, ndinakagula nsapato ya K35,000, yosongoka kutsogolo. Ndinkati ndikudya phindu.

Alamu ankangondiseka. Iwo ngongole sapereka, ngakhale kwa mayi awo owabereka. Kachikwama kawo ka m'chiuno kanali kotupa ngati chule wa m'dzinja.

"Alamu, kope lanulo mukaliphika ndi tomato?" ankandifunsa.

Lachinayi usiku, pokonzekera ulendo wa Loweruka, ndinawerenga ndalama. K55,000. Ndinawerenganso, ndinakutumula pilo, ndinamuyang'ana mkazi wanga ndi diso lina lake, mpaka pano sanandikhululukire. Palibe anaba. Asodzi salandira kope, amafuna ndalama yogwirika, ndipo mwezi unali pa 17.

Lachisanu m'mawa ndinavala nsapato ija n'kuyamba kulondola phindu langa. Kulesitilanti anandiuza kuti nawonso makasitomala awo amadya pangongole, ndiye tidikire limodzi. Aphunzitsi anandionetsa kalendala. Ndinafika kwa akulu ampingo masana, chala chachikulu chitatuluka thuza.

"Mwafika bwino, mwana wanga, sambani m'manja."

Anavundukula mbale. Usipa. Wanga womwe, ndinauzindikira, wothira nsinjiro. Anapemphera pemphero lalitali lothokoza amene anatipatsa chakudyachi, koma dzina langa silinatchulidwe. Ndinadya mitanda itatu, poganiza kuti mwina ndibwezeko K2,000. Za ngongole sindinayambe n'komwe, pakamwa panali podzaza.

Ndinabwerera kumsika nsapato zili m'manja, wokonzeka kupempha alamu andibwereke. Ndinawapeza atakhala pa thumba lopanda kanthu, chikwama chitaphwa, akuwerenga ndi zala.

Nkhani yawo inali yotere. Pofuna kukopa anthu olipira pompopompo, ankaunjika milu ngati zulu, n'kuwonjezera banyira kwa aliyense wowatcha "asisi". Thumba lofanana ndi langa linawapatsa milu 195 yokha, K195,000. Geni inali italuza kale K5,000, koma sanaone chifukwa m'chikwama momwemo anaikamo K100,000 yobwereka ku banki m'khonde. Ndalama zikasakanikirana sizinena kuti ine ndine ya eni ake. Ankasisita K295,000 n'kumadzitcha mpondamatiki. Tsiku limenelo amayi a gulu anabwera kudzatenga yawo, K120,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja. Anatsala ndi K175,000, yosakwana ngakhale thumba, osanena za galimoto.

"Ndiye inu munapindula koma mulibe ndalama," anatero alamu pang'onopang'ono, "ine ndinali ndi ndalama koma sindinapindule."

"Eya."

"Nanga wopusa kwambiri ndani?"

Tinakangana pamenepo mpaka wodula matikiti a msika anatilekanitsa, n'kutilipiritsa tonse awiri.

Loweruka tinasonkha: K175,000 yawo ndi K55,000 yanga, K230,000. Tinagula thumba limodzi, anthu awiri akuluakulu, asodzi akutifunsa ngati kwagwa maliro. Tinagwirizana kuti milu ndiziika ine, ndalama azisunga iwo, ndipo kope likhale ndi masamba awiri, lina la zogulitsidwa, lina la zimene zalowadi m'chikwama. Ngongole isapitirire K40,000 pa thumba, kuti ya ulendo wotsatira izikhalapo ngakhale wina achedwe.

Lolemba m'mawa, ndisanamalize n'kuyala komwe, ndinaona akulu ampingo akubwera ndi kabasiketi, akumwetulira kuchokera patali. Ndinagwada pansi pa benchi ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Nsapato yake ija ilibe zingwe.

"Alamu anu ali kuti, Nambewe?"

"Ali pansipa, abambo. Akufunafuna K30,000."