Makina a malume aima, ndipo aima pa chifukwa chake chenicheni

Anzanga olemba, gawo lachinayi la nkhani yanga ya achinyamata latheka usiku wapitawu. Amene munawerenga chiyambi chake mukukumbukira a malume aja, okonza mafuriji ku Chibavi mu Mzuzu, amene analumbira kuti apanga makina oyenda mpaka kalekale popanda mafuta kapena magetsi, ndi mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa Fomu 3 amene amawagwirira tochi. Chimene chinandimanga miyendo masiku onsewa ndi funso limodzi: makinawo afe bwanji? Ndinkafuna afe ndi lamulo lachiwiri la kutentha, osati loyamba, ndipo kusiyanitsa ziwirizi m'nkhani n'kovuta kuposa m'buku la fizikisi.

Makina amene amabwera msanga m'mutu ndi aja a madzi ogwa kuchoka m'thanki, napukusa gudumu, gudumulo n'kuyendetsa pampu yobweza madziwo kumwamba, kwinaku likuyatsanso babu. Amenewa amagwa pa lamulo loyamba, loti mphamvu silengedwa, imangosintha maonekedwe. Akufuna kutulutsa zoposa zimene alandira. Mwana wochenjera akawerenga zoterezi amangoti, "Akanathira girizi wambiri bwenzi zikuyenda," ndipo nkhani yataya mano. Ine ndinkafuna makina amene ngakhale mutachotsa kukhulana konse kwa zitsulo, ngakhale masamu a mphamvu atakwana ndendende, aimabe.

Njira ndinaipeza m'mbiri. Mu 1881, ku America, John Gamgee anakopa akuluakulu a asilikali a pamadzi ndi injini imene anaitcha Zeromotor. Amoniya amawira pa madigiri 33 kunsi kwa ziro, choncho madzi a m'nyanja, ngakhale ozizira, amatha kumuwiritsa. Gamgee ankati gasiyo akankhe pisitoni, akafutukuka azizire yekha n'kubwerera kukhala madzimadzi, kenako awirenso. Sitima ikanayenda ndi kutentha kwa nyanja basi. Apa palibe mphamvu yobedwa, nyanja ili nayo yochuluka. Chimene chinasowa ndi malo ozizira kwambiri otayirako kutentha kuti gasi yense abwerere kukhala madzimadzi. Katswiri wa fizikisi Kelvin anali atanena kale lamulo lachiwirili mu 1851, kuti palibe makina oyenda mobwerezabwereza amene angatenge kutentha pamalo amodzi n'kukusandutsa konse kukhala ntchito.

Ndiye ndawapatsa a malume maganizo omwewo, koma ndi zipangizo za pa benchi yawo. Gasi wawo ndi wa m'mafuriji atsopano, uja amalemba R600a pa kompuresa, amene amawira pa madigiri pafupifupi 12 kunsi kwa ziro. Silinda yoyamba, yokhala ndi gasi wamadzimadzi, aimiza mu mgolo wa madzi wa malita 200. Paipi ya kopa ikuchoka pamenepo kupita ku kagudumu kotsekeredwa m'kabokosi, kamene kakupukusa dayinamo ya njinga. Gasi akadutsa pa kagudumu akulowa mu silinda yachiwiri, ndipo kapampu kakang'ono kakubwezera madzimadzi ku silinda yoyamba. Kapampuko sikadya zambiri, chifukwa gasiyu akakhala madzimadzi amachepa malo pafupifupi ka 60.

Masamu a malume ndi oona, ndipo ndaonetsetsa kuti akhale oona, pakuti sindikufuna mwana aziwaseka. Malita 200 a madzi akazizira ndi digiri imodzi yokha amatulutsa makilojulo pafupifupi 840. Mphamvu imeneyo, ikanasanduka yonse magetsi, ikanayatsa babu la mawati 5 kwa maola 46. "Ukuona, mwanawe?" akutero m'gawo lachiwiri. "Mgolo ukazizira, mpweya wa m'nyumba muno uutenthetsanso. Ine sindikuba kanthu. Ndikungobwereka." Mtsikanayo akuwerengera m'kope lake ndipo sakupeza cholakwa, chifukwa pa lamulo loyamba cholakwa palibedi.

Pamene panandidyera nthawi ndi apa. Makina amene sayenda n'komwe sapanga nkhani. Ayenera kuyenda kaye, mpaka a malume akhulupirire, anthu oyandikana nawo abwere kudzaona, owerenga nayenso ayambe kukayika zimene anaphunzira. Koma ayende pa chifukwa choona chimene a malume sakuchiona, ndipo chifukwacho chikhale poyera kuyambira tsamba loyamba, kuti mwana akabwerera m'mbuyo achipeze chili pompo. Nyengo ya Mzuzu ndi imene yandipulumutsa.

Nkhani ikuchitika mu Julaye. Shedi ya a malume ndi yamalata, yopanikiza, moti silinda yachiwiri inasowa pokhala ndipo anaipachika kunja kwa khoma, paipi n'kudutsa pa kabowo. Ndazitchula m'chiganizo chimodzi chokha m'gawo loyamba, pakati pa madandaulo awo a kuchepa kwa malo. Masana malata amatenthetsa shedi, madzi a mu mgolo n'kufika madigiri 25. Iwo amayesa makina usiku akaweruka, pamene kunja kwazizira mpaka madigiri 10 ndipo kamvula kowaza kaja kakunyowetsa silinda. Pa madigiri 25 gasiyu amakhala ndi pulesha ya mabaa pafupifupi 3.5, pa madigiri 10 ndi 2.2 yokha. Kusiyana kumeneko ndiko kukukankha kagudumu. A malume akuganiza kuti gasi akubwerera kukhala madzimadzi chifukwa wafutukuka, pomwe chikumubweza ndi chisanu cha kuseri kwa khoma.

Sadi Carnot, amene analemba za malire a injini mu 1824, anayerekeza kutentha ndi madzi a pa mathithi, ndipo fanizo lomwelo ndalipereka kwa mtsikanayo. Madzi a Wovwe amapanga magetsi chifukwa ali ndi kogwera, pomwe nyanja yonse ya ku Nkhata Bay, ndi kuchuluka kwake, singapukuse gudumu ili phee. Malire a Carnot amawerengedwa pogawa kusiyana kwa kutentha ndi kutentha kwa mbali yotentha, poyambira pa ziro weniweni, amene ali madigiri 273 kunsi kwa ziro wamba. Apa ndi 15 kugawa ndi 298, kutanthauza magawo asanu pa 100 alionse. Enawo 95 ayenera kutuluka ndithu kudzera pa silinda yakunja ija. N'chifukwa chake sindinalole babu la mawati 5 liyake m'nkhani. Chimene chikuyaka ndi kababu ka tochi, mofooka, koma kwa munthu amene wadikira zaka kuwala kumeneko n'kokwanira.

Ndipatuke pang'ono. Zambiri za mageji ndi mavalavu ndazitola kwa bambo wina wokonza mafuriji kufupi ndi msika waukulu, yemwenso ndimagulako timapaipi takale ndikafuna kugwira chinthu ndi manja ndisanachilembe. Munthu woleza mtima, amakusiyani muone singano zikuyenda iye akugwira ntchito yake.  Ndiye amene anandichenjeza kuti gasiyu amayaka moto msanga, choncho a malume m'nkhani salola kandulo kapena mbaula m'shedi, ndipo sindinalembe kalumikizidwe ka mapaipi mwatsatanetsatane. Sindikufuna mwana wa munthu akaboole furiji ya kwawo.

Tsiku loonetsa anthu, makina awanyamula pa ngolo kupita mu holo ya sukulu, masana. Mgolo audzaza ndi madzi a pampopi, ndipo masilinda onse awiri ali m'chipinda chimodzi, pa madigiri 20. Akutsegula valavu, kagudumu kakuzungulira, anthu akuwomba m'manja. Kakuzungulira chifukwa silinda yachiwiri inali yopanda kanthu, gasi akungothamangira kukaidzaza. Kenako kulira kwa paipi kukutsika. Singano ya geji yachiwiri ikukwera, ya geji yoyamba ikutsikako pang'ono, mpaka zonse zikumana pa mabaa atatu. Kagudumu kaima. A malume akukapukusa ndi chala kudzera pa shafiti, kakuzungulira mofewa, palibe chagwira. Akupaka thovu la sopo polumikizira ponse, palibe pakutuluka gasi. Mgolo udakali ndi kutentha kwake konse. Ndime imeneyi ndaikonda kuposa zonse, chifukwa chilichonse chimene mmisiri angachiimbe mlandu chili bwinobwino.

Sindinafune mphunzitsi aimirire n'kulongosola. Mtsikanayo ndiye akuika dzanja pa silinda yachiwiri n'kumva kuti si yozizira ngati mmene inkakhalira kunyumba. Usiku womwewo, makina atabwerera m'shedi n'kuyambanso kuyenda, akupempha: "A malume, mundilole ndiifunditse bulangete iyi yakunjayi." Iwo akuseka n'kuvomera. Silinda yofunditsidwa ikuyamba kufunda ndi kutentha kumene gasi akubweretsa, singano zikuyandikana, kababu kakuzima. Akuchotsa bulangete, ndipo patapita kanthawi kakuyakanso. Akubwereza, zikuchitika chimodzimodzi. "Ndiye kuti sikuti akudya kutentha kokha ayi," akutero mtsikanayo. "Akufunanso kotayira." Lamulo lachiwiri lonse lili m'mawu akewo, ndipo dzina la lamulolo likubwera pambuyo pake, akulipeza m'buku.

Chikundivutabe ndi mtima wa a malume m'gawo lomaliza. Ana athu amamudziwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotoleza anthu akumuyesa wamisala, ndipo sindikufuna atseke nkhani yanga akuganiza kuti osekawo ndiwo amakhoza. Kusiyana kulipo ndipo ndiyenera kukuonetsa popanda kulalikira: mphepo imaomba chifukwa dzuwa limatenthetsa malo ena kuposa ena, choncho makina a Kamkwamba anali ndi kogwera kwake. A malumenso, osadziwa, apanga injini yeniyeni yoyendera kutentha kwa masana ndi chisanu cha usiku. Kodi akondwere nazo, kapena alire kaye maloto awo? Ndikuona ngati ayenera kukhala masiku angapo osalowa m'shedi, kenako mtsikanayo awapeze akupaka mgolo utoto wakuda kuti uzitentha kwambiri padzuwa. Amene muli ndi ana a msinkhu umenewu, ndiuzeni ngati angakhulupirire kuti munthu wamkulu angavomere kugonja kwa mwana wa mlongo wake mosavuta chotero.

Ndikamaliza iyi ndikufuna zikhale nkhani zitatu za banja lomweli, ina ya lamulo loyamba, ina ya furiji yosiyidwa chitsegukire kuti iziziritse chipinda koma n'kuchitenthetsa. Ndikulingaliranso zoti zidzawerengedwe pa wailesi ndi mawu a ana enieni, mwinanso kupanga kachitsanzo kosaopsa koyendera madzi otentha ndi ozizira koti ndizipita nako m'makalabu a sayansi. Kaye ndikufuna wina wa Fomu 3 awerenge gawo la bulangete, ndione ngati, asanafike pamene mtsikanayo akufunditsa silinda, angalosere kuti kababu kazima.