Kulondola fakitoriyo pa kope ndisanayatse kompyuta

Fankishoni yodziitana yokha imaoneka yolondola ngakhale ili ndi vuto, chifukwa mizere yake ndi yochepa ndipo diso limangodutsapo. N'chifukwa chake sabata ino ndakhala ndikuyilondola ndi pensulo. Fakitoriyo ya nambala timaipeza pochulukitsa nambala zonse kuyambira 1 kukafika pa nambalayo, motero 4! = 4 × 3 × 2 × 1 = 24. Mu Python tinalemba chonchi:

```python
def fact(n):
    if n == 0:
        return 1
    return n * fact(n - 1)
```

Mizere iwiri yapakatiyo ndiye poimira, pamene fankishoni imayankha popanda kudziitananso. Tiyeni tiipatse 4. `fact(4)` singayankhe msanga, ikufuna `4 * fact(3)`, ndiye imadikira. `fact(3)` nayo ikudikira `fact(2)`, iyo ikudikira `fact(1)`, ndipo `fact(1)` ikudikira `fact(0)`. Mpaka apa palibe chachulukitsidwa ngakhale chimodzi. Pa kope ndimalemba kuitana kulikonse pa mzere wakewake, ndikusiya malo a yankho opanda kanthu.

`fact(0)` ikabweza 1, mayankho amayamba kukwera. Ndimadzaza malo aja kuchokera pansi: 1 × 1 = 1, kenako 2 × 1 = 2, kenako 3 × 2 = 6, pomaliza 4 × 6 = 24. Zimandikumbutsa minibasi ya ku Limbe: wokhala kumbuyo amapatsira ndalama dzanja ndi dzanja mpaka kwa kondakitala, chenji n'kubwerera kudzera m'manja omwe aja, kuyambira kwa amene anagwira ndalamayo pomaliza. Onani kuti fankishoni yaitanidwa kasanu pa nambala 4, chifukwa `fact(0)` nayo ikuwerengedwa.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti poimira pamafunika mafunso awiri osiyana: kodi tifikapo, nanga tikafikapo pakubwezedwa chiyani?

Funso lachiwiri ndi losavuta kuliona. Ambiri amaganiza kuti 0! ndi 0, koma ndi 1. Mukalemba `return 0`, pokwera mupeza 1 × 0 = 0, 2 × 0 = 0, mpaka pamwamba. Pulogalamu sidandaula konse, imangopereka 0 pa nambala iliyonse. Mukaona 0 paliponse, yang'anani poimira musanayang'ane kwina.

Funso loyamba tinakambirana kwanthawi ndithu pa gulu lathu ku Chichiri. Mnzathu wina anati, "Aise, bwanji osangoimira pa 1? Tichepetsa kuitana kumodzi." Zoona, `if n == 1: return 1` imapereka 24 pa 4 bwinobwino. Koma ipatseni 0. Popeza 0 si 1, iitana `fact(-1)`, kenako `fact(-2)`, kumangotsika ikutalikira poimira. Python imalola kuitana kosanjikizana kufika pa 1000 ngati simunasinthe malirewo, ndiye imaimitsa pulogalamu ndi `RecursionError`. Pa kope simufunika mizere 1000. Mukangolemba -1 ndi -2 mwadziwa kale kuti 1 simudzamupeza.

Khodi yanga ya pamwambayi ilinso ndi malire omwewo pa nambala zochepera 0: `fact(-1)` sidzafika pa 0. Ena amathawira ku `n <= 1`, ndipo pulogalamu imasiyadi kugwa, koma tsopano `fact(-5)` imabweza 1, pamene -5 ilibe fakitoriyo. Kwa ine yankho labodza lotere ndi loipa kuposa kugwa, chifukwa palibe amene angalizindikire. Ndi bwino kukana nambala yotere poyera, monga imachitira `math.factorial(-1)` imene imapereka `ValueError`.

Kusankha nambala zoyesera nakonso kumafuna nzeru, ndipo 3 payekha ndi wonyenga. Tinene kuti munthu waimira pa `n <= 1` ndipo chala chaphonya, walemba `n + fact(n - 1)` m'malo mwa kuchulukitsa. Pa 3 apeza 3 + 2 + 1 = 6, yankho lofanana ndendende ndi 3!. Pa 0 ndi pa 1 apezanso 1, chifukwa mzere wolakwikawo sunafikidwe n'komwe. Vuto limaonekera pa 2, pamene ikubweza 3 m'malo mwa 2, ndiponso pa 4, pamene ikubweza 10 m'malo mwa 24.

Choncho ine ndimayamba ndi 0 kuti ndione poimira pokha, kenako 1 kuti ndione kuitana kumodzi kokafika poimirapo, kenako 2 ndi 4. Yankho loyembekezeka ndimalilemba pambali ndisanayambe kulondola, kuti dzanja lisangotsatira zimene khodi ikunena. Ndikatero m'pamene ndimaika `print(n)` pamwamba pa `if` n'kuyendetsa `fact(4)`. Pa sikirini payenera kutuluka 4, 3, 2, 1, 0, mofanana ndi mizere isanu ya pa kope.