Galafu yoonetsa nthawi imene makasitomala amathawira

Achimwene anga ali ndi kabizinesi ka wayifayi kufupi ndi msika wa pa boma pano pa Mangochi, anthu amalipira pamwezi. Sabata ino m'kalasi taphunzira njira imene akatswiri a masamu Kaplan ndi Meier anasindikiza mu 1958. Achipatala amaigwiritsa ntchito kwambiri pofuna kudziwa kuti odwala amakhala ndi moyo nthawi yaitali bwanji, koma ine ndinabwereka kope la achimwene kuti ndiiyesere pa makasitomala.

Galafu yake imayambira pamwamba, pa 100 peresenti, n'kumatsika ngati masitepe. Kunsi kwake sitilemba Januwale kapena Febuluwale ayi, timalemba miyezi imene munthu watha chilowereni.

M'kopemo munali anthu 100. Ndinawerenga osiya onse, ndinapeza 41, n'kunena kuti pakutha miyezi itatu pamatsala 59 peresenti. Ndinalakwitsa. Ena mwa amene ndinkawatcha okhulupirikawo alowa chaposachedwa, mwezi wachitatu sanauone n'komwe.

Mawerengedwe ake enieni ndi a mwezi ndi mwezi. Mwezi woyamba anasiya 25, kutsala 0.75. Pa 75 otsalawo, 15 angotha mwezi umodzi wokha chilowereni. Amenewa sitiwatcha othawa, komanso sitinganene kuti apirira, timangowachotsa pa gulu loliyang'ana. Ndiye mwezi wachiwiri tili ndi 60, anasiya 6, kutanthauza kuti 0.9 anapitirira. Tikachulukitsa 0.75 ndi 0.9 tipeza 0.675. Mwezi wachitatu, pa 54 otsalawo tichotsanso atsopano 14, kutsala 40, ndipo 10 anasiya, kutanthauza kuti 0.75 anapitirira. 0.675 kuchulukitsa ndi 0.75 ikutipatsa pafupifupi 0.51. Ndiye kuti pofika pamenepa theka latsala pang'ono kutha, osati zimene ndinkanena zija.

Nditajambula, masitepe aakulu anali awiri. Loyambalo, la mwezi woyamba, ndi la anthu ongolawa, kapena amene anapeza kuti netiweki sifika kunyumba kwawo. Linalo, la mwezi wachitatu, linandizunguza mutu mpaka achimwene ataseka n'kunena kuti, "Iwe, si paja atsopano timawachotsera mtengo miyezi iwiri?" Sitepe lotsika mwadzidzidzi pakati chonchi nthawi zambiri limakhala ndi mwini wake: mtengo wakwera, kapena mgwirizano watha. Galafu ikanamatsika pang'onopang'ono mofanana, tikanati anthu amasiya nthawi ina iliyonse posatengera kuti akhalitsa bwanji. Ikafika pomayenda chopingasa, ndiye kuti otsalawo sakusunthanso.

Koma pali zimene siionetsa. Makasitomala ambiri a achimwene ndi ageni ya nsomba, ndipo nyanja ikatsekedwa ndalama imasowa. Wina nyengo imeneyi imamupeza pa mwezi wake wachiwiri, wina pa wachisanu, choncho pa galafu zimangomwazika. Pofuna kuziona ndiyenera kugawa anthu potengera mwezi umene analowa, gulu lililonse ndi mzere wake. Vuto ndi loti magulu ena atsala ndi anthu ochepa zedi, ndipo pa anthu 8, mmodzi yekha akasiya, mzere umagwa ndi gawo limodzi mwa magawo 8.