Hashitagi ndi chikwangwani cha minibasi

Miyezi inayi ndakhala ndikuika mavidiyo a kwaya yathu pa YouTube ndi pa TikTok, ndipo ndi sabata yathayi pamene mutu wanga watseguka pa nkhani ya mahashitagi, mawu aja oyamba ndi chizindikiro cha # amene timaika pa vidiyo kuti anthu aipeze. Mtima wakhala pansi tsopano, ngakhale manyazi alipo ndikakumbukira zomwe ndinkachita.

Amene anatiphunzitsa ife achinyamata a gulu lojambula kutchalitchi anabwera Loweruka limodzi lokha, anathera maola awiri pa kagwiridwe ka foni, ndipo za mahashitagi anangoti: "Onani zimene zili m'kamwam'kamwa tsikulo, muike zomwezo." Basi. Ine ndinamvera. Tsiku lomwe Bullets ndi Wanderers ankasewera, ndinatenga kavidiyo ka kwaya ikuimba nyimbo yochokera pa Salimo 23, ka mphindi imodzi ndi theka, n'kupachikapo mahashitagi a mpirawo, kuwonjezera #fyp ndi #viral. Oonera anachulukadi kuposa masiku onse. Ndinatumiza chithunzi cha nambalayo kugulu lathu la WhatsApp, anthu n'kuombera m'manja.

Chinandidzutsa ndi pamene ndinasiya kuyang'ana chiwerengero cha oonera n'kutsegula pamene pamaonetsa nthawi imene munthu amakhala akuonera. Mu YouTube Studio amalemba kuti Average view duration, ndipo pali kamzere koonetsa anthu otsala sekondi iliyonse. Kamzere ka vidiyo imeneyi kanagwa ngati phompho kwaya isanayambe n'komwe kuimba, woimbitsa akadakweza manja. Anthu anabwera kudzafuna chigoli, anapeza amayi ovala yunifomu, anathawa. Mmodzi anasiya ndemanga yoti tisamawanamize m'dzina la Mulungu. Inandiwawa chifukwa sanalakwitse.

Ndiye ndinazimvetsa ndili pasiteji m'mawa. Hashitagi si chimkuzamawu chokuwira anthu ambiri ayi. Ndi kachikwangwani kaja amaika pagalasi la minibasi. Minibasi yopita ku Ndirande ukailemba kuti Limbe, idzadzadi msanga, koma pokhota koyamba onse akuwa kuti titsitseni, ndipo mawa lake akaiona sakweranso ngakhale italemba zoona. Pa intaneti pali choipa china: makina amene amasankha vidiyo yoonetsa anthu amayang'ana, mwa zina, ngati oonera akukhalitsa kapena akudumpha. Khamu lothawa pa masekondi atatu limauza makinawo kuti vidiyoyi siigwira anthu. Mayi wa ku Joni amene akanaonera nyimbo yonse misozi ili m'maso, mwina sinamufikire n'komwe, chifukwa ndinaitana anthu olakwika poyamba.

Ndinapezanso kuti si nkhani ya chikumbumtima chokha. Malamulo a YouTube amanena kuti hashitagi yosakhudzana ndi vidiyo ndi yosocheretsa, ndipo vidiyo ikhoza kuchotsedwa. Ukaika mahashitagi oposa 60, onse amawanyalanyaza, ndipo amene amaonekera pafupi ndi mutu wa vidiyo sapitirira atatu. Ndiye mndandanda wautali uja ndinkakopera kwa anzanga unali wa chiyani? Mphunzitsi uja akanangonena izi pa mphindi zisanu. Koma ndi mmene zimakhalira, amakuphunzitsa zosavuta kuonetsa pamaso pa anthu, zovutazo uzikazionera wekha usiku ndi bandulo yako.

Njira imene ndikuikhulupirira tsopano, mwina mopitirira muyeso, ndi iyi: ndisanaike hashitagi iliyonse, ndimaidina kaye n'kuona mavidiyo khumi oyamba amene ali pansi pake. Funso ndi limodzi, kodi vidiyo yanga itakhala pakati pa amenewa, ioneka ngati mlendo wolowa ukwati wa eni? Ikaoneka choncho, hashitagiyo ndimaisiya. Anzanga akuti ndikuchedwetsa ntchito. Ine ndikuti njira imeneyi yokha ikukwanira, zina zonse n'zokometsera.

Ndi njirayi imene inandionetsa msampha wa Chichewa chathu. Mawu ambiri achipembedzo ndi mayinanso a anthu. Ndinadina #Chisomo ndikuganiza kuti ndipeza maulaliki, ndinapeza makeke a tsiku lobadwa ndi atsikana ovina. #Madalitso, #Chikondi, #Mphatso, chimodzimodzi. Liwu n'loyera, koma minibasiyo ikupita kwina. Mankhwala ake ndi kulumikiza mawu awiri kapena atatu kuti tanthauzo lithine, monga #NyimboZaMulungu m'malo mwa #nyimbo, ndipo zilembo zazikulu poyambira liwu lililonse zimathandiza maso okha, makina sazisiyanitsa. Kachizindikiro kodula mawu nakonso kamaononga: ukalemba #PempheroLaM'mawa, hashitagi imathera pa M, zotsalazo n'kukhala mawu wamba. Uyenera kulemba #PempheroLaMmawa. Izi ndinazizindikira nditalakwitsa kale mavidiyo angapo.

Vidiyo ya Salimo ija ndinaiikanso, ulendo uno ndi atatu okha:

```
#Salimo23 #KwayaYaChichewa #MalawiGospel
```

Yoyamba ikunena zimene zili m'nyimbomo, yachiwiri mtundu wa vidiyo ndi chilankhulo chake, yachitatu ndi ya Chingerezi chifukwa ndi mmene anthu ambiri amalembera akamafufuza nyimbo zathu, makamaka akunja. Oonera anachepa kwambiri, sindibisa. Koma kamzere kaja kanatsika pang'onopang'ono ngati mtsetse, ndipo ndemanga zinali za anthu ofunsa mawu a ndime yachiwiri.

Chimene chinanditengera nthawi ndi kuvomereza kuti hashitagi yachipembedzo nayo ikhoza kunama. Ndinkaganiza kuti bola ndasiya za mpira ndi za ndale, ndayera. Koma #machiritso kapena #uneneri pa vidiyo ya kwaya imene mulibe pemphero la odwala ngakhale limodzi ndi bodza lomwelo, mwinanso loipa kuposa, chifukwa wodinayo akhoza kukhala munthu amene ali ndi mwana m'chipatala. Kuika #Katolika kapena #CCAP pa vidiyo ya mpingo wina pofuna kukoka anthu a kumeneko, nakonso ndi kuvala yunifomu ya eni. Ndipo ngati kwagwa ngozi kapena maliro a munthu wotchuka, kupachika hashitagi ya malirowo pa ulaliki wa chakhumi umene unajambulidwa mwezi watha, ayi ndithu, pamenepo ngakhale manja anga amakana.

Mkulu wa mpingo wina wake, bambo amene ndimawalemekeza, sanagwirizane nane. Anati, "Mwanawe, okonda mpirawo safunika uthenga? Tinatumidwa kwa anthu onse." Ndinawayankha kuti bambo, ngati tikufuna anthu a mpira, tijambule uthenga wolankhula za mpirawo, za kupambana ndi kugonja, pamenepo hashitagiyo ikhala yoona. Anangoti "mmm", ndipo sindinganene kuti ndinawagonjetsa.

Pamene ndikukayikabe ndi pa malire. Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, hashitagi yake imatchuka, ndipo tili ndi ulaliki wa abusa wonena za Hana, mayi wa Samueli. Ukunena za mayi, inde, koma unalalikidwa mwezi wina, ndipo kwenikweni mutu wake ndi kupirira m'pemphero. Ndaudina kale mndandanda wa chaka chatha: zithunzi za anthu akupereka zitenje kwa amayi awo. Kodi Hana wolira m'kachisi akhala mlendo pakati pawo, kapena ndi malo ake enieni? Njira yanga ya mavidiyo khumi ija apa yangondiyang'ana. Ulalikiwo uli m'foni, sindinauikebe.