Tsiku lomwe golo inandigwera

Ine ndimagwira pagolo mu timu yathu ya kuno ku Mpondasi, ndipo vuto langa lomwe aliyense amalidziwa ndi mashoti apafupi, aja sitiraika amakuwombera ali pa mamita 6 basi. Akochi anati atopa nane, Lachitatu anabwera ndi chingwe chachitali chomwe anabwereka kwa asodzi.

Anamanga mbali imodzi ku polo yakumanja, inayo ku yakumanzere, iwo n'kugwira pakati ataima pomwe pali mpira. Akuti shoti iliyonse yolowa iyenera kudutsa pakati pa zingwe ziwirizo. Golo ndi mamita 7.32, ukakakamira pa laini sungaitseke, koma ukasendera kutsogolo zingwe zija zimayandikana mpaka ukadaiva mbali iliyonse umakhudza chingwe. Malo ako ndi amenewo. Akochi akayenda chakumbali nawenso umatsatira ndi timasitepe tating'ono, osapingasa miyendo, ndipo chingwe chimodzi chikakhala pafupi chinacho kutali ndiye kuti wasiya khomo. Ukatulukanso kwambiri angokudutsitsira pamwamba.

Apa ndinakhoza bwino heavy, mpaka ana owonerera anayamba kunditama.

Kenako anati tichite yachiwiri. Umawapatsa nsana, akakuwa kuti "tembenuka!" umazungulira ndipo mpira uli kale m'njira. Pa mtunda umenewo palibe nthawi yoganiza aise, ndiye chofunika uime nji asanamenye, maondo opinda pang'ono, thupi pa zala zakuphazi osati pa zidendene, manja cha m'chiuno. Akayandikira kwambiri sudaivanso, umagwetsa bondo limodzi kutseka pakati pa miyendo, manja tambasu, umangodzikulitsa kuti mpira ukumenye.

Chingwe chija sanachimasule, anangochiponya pansi. Ndipo mapolo athu si achitsulo ngati a ku sitediyamu, ndi mitengo ya bulugama yongozika mu mchenga, mchenga wa kuno mukuudziwa kale.

Mashoti oyamba ndinagwira, wina unandimenya pachifuwa akochi n'kuti imeneyonso ndi sevu. Koma kutembenuka kulikonse chingwe chimandikulunga mwendo pang'onopang'ono ine osamva kanthu, dzuwa la Mangochi likuotcha thukuta lili m'maso. Atakuwanso ndinazungulira, mpira ukupita kumanzere, ndinadaiva ndi mphamvu zonse za nsima ndi usipa zomwe ndinadya masana. Ndinangomva kuti phwaa. Polo yakumanja yazuka, mtengo wapamwamba uja unatsika n'kundipeza pa nsana, neti yomwenso ndi khoka lakale n'kundifunditsa ndense.

Amayi omwe amachokera ku mjigo anatula zidebe kuti aseke bwino. Mwana wina akukuwa kuti agwira chambo chachikulu, bweretsani beseni.

Mpira uja eti unapita panja, sunali wolowa n'komwe.

Akochi anafika pang'onopang'ono, anandiyang'ana ndili mu neti ndikulavula mchenga. Ndinati akochi ndithandizeni. Iwo amvekere, "iwe ndinati utseke ngodya, sindinati utseke golo yonse. Dzuka ukabwereke khasu."